Mutu 9: Chibwano Chachiwiri ndi Kaimidwe ka Khosi

Munthu mmodzimodziyo atha kuoneka ndi chibwano chosongoka bwino pa chithunzi chimene anajambulidwa m'mawa, koma pa china cha masana tsiku lomwelo n'kuoneka ndi mnofu wolendewera pansi pa chibwano ngati wanenepa mwadzidzidzi. Pa maola ochepa amenewo thupi silinawonjeze mafuta ngakhale pang'ono. Chimene chasintha ndi mtunda wa pakati pa chibwano ndi chifuwa, ndiponso malo amene diso kapena kamera ikuonera. Nkhani yonse ya mutu uno yagona pamenepa: kaimidwe ka khosi kamasuntha zimene zilipo kale pansi pa chibwano, koma sikawonjezera kapena kuchotsa kanthu.

Zimene zili pansi pa chibwano

Ikani chala pansi pa chibwano chanu n'kutsika nacho pang'onopang'ono kulowera ku mmero. Choyamba mukukhudza khungu. Pansi pake pali mafuta, amene kwa ena ndi ochepa kwambiri ndipo kwa ena ndi okwanira kutsina ndi zala ziwiri. Pansi pa mafutawo pali mnofu wopyapyala koma wotambalala wotchedwa pulatizima, umene umayambira pamwamba pa chifuwa n'kukwera mpaka m'mphepete mwa chibwano. Mukalimbitsa khosi n'kukokera milomo pansi monga amachitira munthu wonyansidwa, mitsitsi imene imatuluka m'khosiyo ndi mnofu umenewu. Kuseri kwake kulinso mafuta ena, kenako minofu imene imapanga pansi pa kamwa, yomwe imanyamula lilime.

Palinso kafupa kena kamene anthu ambiri sadziwa kuti ali nako, kotchedwa hayoyidi. Kamaoneka ngati chilembo cha U, ndipo kamakhala pamwamba pa kholingo. Sikalumikizana ndi fupa lina lililonse, kamangogwiridwa ndi minofu ndi mitsempha yokhayokha. Gwirani pamwamba pa kholingo ndi zala ziwiri mopepuka, mumeze malovu, mumva chinthu chikukwera n'kubwerera. Kafupa kameneka ndi kamene kamaika malire a pomwe pansi pa chibwano pakuthera ndi pomwe khosi likuyambira. Kakakhala m'mwamba ndi cham'mbuyo, pamalopo pamapindika bwino, chibwano n'kuoneka chodulidwa mosamala. Kakakhala m'munsi kapena chakutsogolo, mzere wochokera ku chibwano umangotsetsereka kupita ku khosi, ngakhale munthuyo akhale wochepa thupi chotani. Malo a kafupaka munthu amabadwa nawo, monganso kukula kwa fupa la chibwano. N'chifukwa chake mumapeza mnyamata woonda wokhala ndi chibwano chachiwiri, pomwe mzimayi wodzadza thupi alibe.

M'chaka cha 1980 madokotala awiri a maopareshoni okonza nkhope ku America, Ellenbogen ndi Karlin, analemba zizindikiro za khosi looneka lachinyamata. Chimodzi mwa izo chinali ngodya ya pakati pa mzere wa pansi pa chibwano ndi mzere wa kutsogolo kwa khosi, imene iwo anati imakhala pakati pa madigiri 105 ndi 120. Chiwerengero chimenechi chinachokera pa zimene anthu a kumeneko ankaona kuti n'zokongola, ndipo si muyeso wa thanzi. Koma chimatithandiza kuona chimene diso limayang'ana. Diso siliyeza mafuta, limayang'ana ngodya imeneyi ndi mthunzi umene uli pansi pake. Ngodyayo ikafufutika kapena pakaoneka mpindo, timati munthuyo ali ndi chibwano chachiwiri.

Njira zitatu zimene mutu umayendera

Khosi lili ndi mafupa 7 osanjikizana, ndipo mutu wa munthu wamkulu, umene umalemera makilogalamu pafupifupi 5, umakhala pa fupa lapamwamba. Tikamati munthu wawerama timasakaniza zinthu zosiyana, zomwe pa nkhani ya chibwano zimabereka zotsatira zosiyananso.

Yoyamba ndi kugwedeza mutu monga povomera. Apa khosi lonse limakhala chilili, chimene chikuyenda ndi chigaza chokha pamwamba pa fupa loyamba lija. Chibwano chimatsika n'kuyandikira kholingo. Kuyenda kumeneku ndi kwakung'ono, koma ndi kumene kumatulutsa mpindo msanga kuposa kwina konse, chifukwa kumapanikiza malo enieni amene mafuta ali. Yachiwiri ndi kupinda khosi lonse, monga poyang'ana zala za kumapazi, pamene chibwano chimapita ku chifuwa. Yachitatu ndi kusuntha mutu kutsogolo kapena kumbuyo nkhope ili chiyang'anire kutsogolo, osawerama, osagadama.

Khungu la pansi pa chibwano lili ngati nsalu yomangidwa ku mbali ziwiri, kumtunda ku fupa la chibwano, kumunsi ku chifuwa. Mbali ziwirizo zikatalikirana nsaluyo imakungika n'kusalala. Zikayandikirana nsaluyo sifupika, imangopindika, ndipo mafuta amene ali m'kati mwake, posowa kolowera, amatukumukira kunja. Mutha kudziyesa nokha ndi tepi ya telala. Khalani mowongoka, muyeze kuchokera pa nsonga ya chibwano kufika pa kadzenje ka pakati pa mafupa awiri opingasa pamwamba pa chifuwa. Kenako yang'anani pa miyendo panu, muyezenso. Mupeza kuti mtundawo watsika mpaka theka kapena kuposa apo. Khungu lonse limene linadzaza mtunda woyamba uja likadalipo, ndipo mpindo umene mukuuona ndi khungu lomwelo. Ngakhale khanda kapena wothamanga wopanda mafuta amakhala ndi mpindo akatsitsa chibwano chotere.

Njira yachitatu ija ndiyo imene imasokoneza anthu. Pamamveka mawu akuti munthu wokhala moipa, mutu uli kutsogolo, amaoneka ndi chibwano chachiwiri, ndipo akawongoka chimatha. Zoona zake si zophweka chotero. Munthu amene wagwetsa mapewa n'kutulutsa mutu kutsogolo, maso ali pa sikirini patsogolo pake, amakhala atapinda khosi kumunsi koma atagadamitsa chigaza kumtunda kuti aone bwino. Pamenepo chibwano chatalikirana ndi kholingo, khungu lakungika, ndipo kutsogolo amaoneka ndi chibwano chosongoka. Khosi lake likuvutika, minofu ya kunkhongo yauma gwa, koma chibwano chikuoneka bwino. Munthu yemweyo mukamuuza kuti awongoke, nthawi zambiri amakankhira mutu kumbuyo mwamphamvu n'kutsitsa chibwano ngati msilikali pa pelete, ndipo pomwepo mpindo umatuluka. Amadziyang'ana pagalasi n'kuona kuti kuwongoka kwamuipitsa, basi n'kubwerera ku kakhalidwe kake kakale.

Ine ndimaona kuti apa ndi pamene malangizo ambiri amalakwira anthu. Amangoti "wongolani khosi" osanena kuti kuwongolako kuyambire pati. Kuyenera kuyambira pa chifuwa. Mukakweza chifuwa pang'ono n'kulola mapewa kubwerera pamalo pake, khosi limatsatira lokha, ndipo mutu umakhala pamwamba pa thupi popanda kuukankha. Kenako muganize zotalikitsa kunkhongo kupita m'mwamba, chibwano chili chopingasa. Yang'anani mayi amene wasenza ndowa ya madzi ya malita 20, yomwe ndi makilogalamu 20 pamutu. Satulutsa chibwano kutsogolo, komanso sachikanikizira ku mmero, chifukwa akatero madzi atayika. Khutu lake lili pamwamba pa phewa, maso ali patsogolo, khosi latalika. Sindikunena kuti kusenza katundu wolemera n'kwabwino pa mafupa a khosi, popeza ambiri amadwala nako. Koma malo amene mutu wake uli ndiwo malo apakati amene tikunena, ndipo chibwano chimene munthu ali nacho mutu uli pamenepo ndicho chake chenicheni.

Madokotala ndi akatswiri a mano akafuna kuyerekeza zithunzi za nkhope amagwiritsa ntchito mzere umene akatswiri oyeza zigaza anagwirizana ku Frankfurt m'dziko la Germany m'zaka za m'ma 1880. Mzerewo umachokera pamwamba pa bowo la khutu kufika m'munsi mwa diso, ndipo pojambula uyenera kukhala wopingasa, wolingana ndi pansi. Mukaona zithunzi ziwiri zotsatsa mafuta odzola kapena lamba wa pachibwano, chimodzi cha poyamba china cha pambuyo pake, ikani rula pa mzere umenewu. Mukapeza kuti pa chithunzi choyamba mzerewo watsikira kutsogolo ndipo pa chachiwiri wakwera, dziwani kuti chimene chasintha ndi mutu, osati mafuta.

Mayi wa pa laputopu

Tiyerekeze mayi wa zaka za m'ma 30, wogwira ntchito yowerengera ndalama, amene thupi lake silinasinthe kwa zaka zingapo. Pagalasi la kubafa amadziona ali bwinobwino. Koma ikangoyamba misonkhano ya pa vidiyo, amadziona pa kabokosi ka pa sikirini ali ndi mpindo waukulu pansi pa chibwano, mpaka wayamba kuganiza zosiya chakudya chamadzulo.

Tiyeni tiyeze malo ake ogwirira ntchito. Laputopu ili pa tebulo, ndipo kamera yake ili masentimita 22 kuchokera pa tebulopo. Akakhala mowongoka maso ake ali masentimita 45 pamwamba pa tebulo lomwelo. Ndiye kuti kamera ili masentimita 23 pansi pa maso. Kuchokera pa nkhope kufika pa sikirini pali masentimita 50. Kutsika 23 pa mtunda wa 50 kumapereka madigiri pafupifupi 25. Awo ndi a kamera, yomwe ili pamwamba penipeni pa sikirini, ndipo manambala amene amawerenga ali pansi kuposa apo. Gawo lina la kutsikaku limatengedwa ndi maso okha, lotsalalo ndi mutu, umene umagwedezekera pansi mwa njira yoyamba ija.

Choncho pali zinthu ziwiri zimene zikumuchitikira nthawi imodzi. Chibwano chake chatsika, khungu lapindika. Komanso kamera ikumuonera chapansi, kotero ikuona malo a pansi pa chibwano amene munthu woima naye maso ndi maso saona, chifukwa fupa la chibwano limawabisa. Pagalasi la kubafa zonse ziwirizi kulibe, popeza galasi lili pa msinkhu wa maso ndipo iye waimirira. Pali chachitatu chimene chimabwera akatopa. Amatsetsereka pa mpando, matako kutsogolo, msana kutsamira kumbuyo. Thupi likapendekera kumbuyo chotero koma maso akufunabe sikirini, khosi limapindika kwambiri, ndipo chifuwa chimabwera chokha kudzakumana ndi chibwano.

Kukonza kwake sikufuna ndalama zambiri. Aike mabuku kapena katoni pansi pa laputopu mpaka ikwere masentimita 23 aja, kuti kamera ilingane ndi maso. Akatero zilembo zotayipira zikwera nazo, ndiye ngati amatayipa nthawi yaitali afunika kiyibodi yapadera ya pa tebulo, apo ayi mapewa ndiwo ayambe kuwawa. Akankhire matako kumbuyo kwenikweni kwa mpando. Ndipo aone kumene kuwala kukuchokera. Kuwala kochokera kutsogolo ndi chakumwamba, monga kwa pa zenera, kumagwetsa mthunzi pansi pa chibwano, ndipo mthunzi umenewo ndiwo umalekanitsa nkhope ndi khosi. Kuwala kochokera pansi, monga kwa sikirini m'chipinda cha mdima, kumafafaniza mthunziwo, nkhope ndi khosi n'kuoneka ngati chinthu chimodzi.

Akafuna kudziwa kuti mwa zonse anaziona zija zake zenizeni ndi ziti, apemphe mnzake amujambule cham'mbali, ataima masitepe awiri kapena atatu kuchokera pa iye, foni ili pa msinkhu wa nkhope, mzere wa khutu ndi diso uli wopingasa. Ngati pa chithunzi chimenecho mpindo palibe, vuto lonse linali la tebulo ndi kamera. Ngati pali kudzadza ndithu, atsine pamalopo. Chikagwirika chinthu chonenepa pakati pa zala, amenewo ndi mafuta. Likagwirika khungu lopyapyala lochedwa kubwerera, ndi khungu lofooka, limene limabwera ndi zaka kapena munthu akaonda kwambiri. Pakapanda chogwirika koma mzere uli wotsetsereka, ndi kapangidwe ka mafupa ake.

Foni imachita zomwezi koma mopitirira. Munthu wokhala m'minibasi foni ili pa miyendo, masentimita 55 pansi pa maso ndi 30 kutsogolo, akuyang'ana pansi madigiri pafupifupi 60. M'chaka cha 2014 dokotala wa maopareshoni a msana wa ku New York, Kenneth Hansraj, anawerengetsa kuti mutu ukawerama madigiri 15 khosi limamva kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 12, pa madigiri 30 limamva 18, ndipo pa 60 limamva 27. Awa ndi masamu a pa kompyuta, sanayeze pa makosi a anthu, koma akusonyeza chifukwa chimene kunkhongo kumawawira madzulo. Kugona chagada mapilo awiri ali pansi pa mutu, foni ili pa chifuwa, kumapinda khosi mpaka pamapeto pake, ndipo kamera yakutsogolo ikatseguka mwangozi pamenepo palibe munthu amene amaoneka wopanda mpindo.

Wojambula ndi wa fiziyo amanena zosiyana

Peter Hurley, wojambula zithunzi za nkhope wa ku New York, anatchuka ndi langizo limene ojambula ambiri amagwiritsa ntchito masiku ano. Amauza wojambulidwa kuti akankhire mphumi kutsogolo kulowera ku kamera, n'kuitsitsa pang'ono. Cham'mbali munthuyo amaoneka modabwitsa, koma kamera imene ili kutsogolo siona kuti mutu watuluka, imangoona khungu lokungika ndi mthunzi wabwino pansi pa chibwano. Ambiri pofuna kubisa mpindo amagadamitsa mutu, zomwe zimangoonetsa mphuno zam'kati ndi khosi lonse. Kutulutsa mutu kumagwira ntchito kuposa kugadama. Zimathandizanso kukweza lilime. Tchulani "ng'" wa mu mawu akuti ng'ombe, muime pomwepo osamaliza. Kumbuyo kwa lilime kwakwera kudenga kwa kamwa, ndipo chala chili pansi pa chibwano chimamva malowo akukwera n'kulimba. Mukamasula lilime zonse zimabwerera pompo. Pa intaneti pali onena kuti kuchita izi tsiku lonse kumasintha fupa la chibwano la munthu wamkulu. Koma chimene lilime limasuntha ndi minofu ndi kafupa kolendewera kaja, kwa nthawi imene mwaligwira basi.

Dokotala wa fiziyo amaphunzitsa zotsutsana ndi za wojambula. Kwa munthu wodwala khosi chifukwa chokhalitsa mutu uli kutsogolo, amamuuza kuti abwezere mutu kumbuyo molunjika, maso ali patsogolo, agwire kwa masekondi 5 kapena 10, amasule, n'kubwereza maulendo ngati 10. Cholinga ndi kulimbitsa timinofu ta m'kati mwa khosi, kutsogolo kwa mafupa, timene timagwira mutu pamalo pake. Chizindikiro chakuti munthu akuchita bwino ndi chibwano chachiwiri chimene chimatuluka pa masekondi amenewo, ndipo asachite nacho manyazi. Akamva chizungulire, dzanzi kapena kuwawa kotsikira m'mkono, aleke n'kukaonana ndi dokotala.

Onse awiri akunena zoona pa ntchito yawo. Vuto limabwera munthu akatenga za wojambula, zimene ndi za masekondi awiri, n'kuyenda nazo tsiku lonse pofuna kuti anthu asaone mpindo, chifukwa pamenepo wasankha dala kaimidwe komwe kamadwalitsa khosi. Limabweranso akatenga za fiziyo n'kuyembekezera kuti zisungunula mafuta. Sizingatero. Thupi likamagwiritsa ntchito mafuta limatenga m'thupi lonse, osati pa malo amene mnofu ukugwira ntchito, ndiye kutafuna chingamu kapena kutambasula khosi maulendo ambiri sikuchepetsa mafuta a pansi pa chibwano. Amachepa munthu akatsika thupi lonse, ndipo kwa ena a mtundu wa chibwano chotere amatsalabe. Zimene zimachotsadi mafuta a pamalopo ndi za kuchipatala, monga kuwayamwa ndi kachubu, kapena jakisoni woswa maselo a mafuta amene boma la America linavomereza mu 2015. Zimenezi n'zodula, zimatupitsa, ndipo sizithandiza amene vuto lake ndi khungu lofooka kapena fupa laling'ono.

Kutupa kumene sikumvera kaimidwe

Mpindo wa kaimidwe uli ndi khalidwe limodzi losavuta kuzindikira. Umabwera mukatsitsa chibwano, n'kuchepa kapena kutha mukachikweza. Mafuta nawonso ndi ofewa, ofanana mbali zonse, osapweteka, ndipo amabwera pang'onopang'ono limodzi ndi thupi lonse. Chilichonse chosiyana ndi izi chisatengedwe ngati chibwano chachiwiri.

Chotupa cha m'munsi mwa kholingo chimene chimakwera mukameza n'kuoneka bwino mukagadamitsa mutu chitha kukhala chithokomiro, chomwe nthawi zambiri chimabwera chifukwa chosowa ayodini, mchere uja amauthira mu mchere wa m'mapaketi. Timibulu tolimba pansi pa chibwano kapena m'mbali mwa khosi nthawi zambiri ndi mwanabere wobwera ndi zilonda za pakhosi kapena dzino, ndipo amaphwa matendawo akatha. Akapitirira masabata awiri kapena atatu, makamaka ngati munthu akuonda, kutuluka thukuta usiku kapena kutsokomola, ayenera kuyezedwa, chifukwa chifuwa chachikulu chimagwiranso malo amenewa. Nkhope ndi khosi zimene zadzadza pa miyezi yochepa mwa munthu amene akumwa mankhwala a mtundu wa masiteroyidi, kaya olembedwa ndi dokotala kaya ogula pofuna kunenepa, zikusonyeza mphamvu ya mankhwalawo. Amene wawamwa nthawi yaitali asawasiye mwadzidzidzi payekha, apite kuchipatala akamutsitsire pang'onopang'ono. Ndipo kutupa kolimba, kotentha, kopweteka pansi pa chibwano kumene kwabwera pa tsiku limodzi kapena awiri dzino lakumunsi litawawa, munthu n'kumavutika kumeza kapena kutsegula pakamwa, kumatha kukankhira lilime kumbuyo n'kutseka mpweya. Wotereyu apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.